Vidiyo ya chinkhoswe ikatuluka pakhomo, imanyamula chiyani?

Vidiyo ya chinkhoswe siikhala pamalo amodzi. Wojambula akangoibweretsa pa fulashi, mchemwali wa mkwatibwi amaikopera mu laputopu, azakhali a ku Joni amaimba foni kuti nawonso awatumizire, ndipo msuweni amene ali ku Mangalande amafuna aone mmene anthu anavinira pa perekaniperekani. Pomatha mwezi, m'banjamo simupezeka munthu wodziwa kuti vidiyoyo ili m'mafoni angati. Inajambulidwira abale okhaokha, koma ndani angalumbire kuti tsiku lina siidzapezeka pa Facebook?

Ambiri tikamaganiza za ngozi imeneyi timaganiza za zimene zikuoneka: amalume ataledzera, kapena diresi imene inang'ambika povina. Koma vidiyo imayenda ndi katundu wina amene saoneka poionera. Awa ndi mawu ndi manambala ofotokoza za vidiyoyo: inajambulidwa liti, kuti, ndi foni yanji, dzina lake ndi chiyani, muli ndani. Zimenezi ndi zimene akatswiri amazitcha metadata. Zili ngati zimene timalemba kunja kwa thumba la chimanga potumiza pa basi. Timalembera wolandira, koma kondakitala, wonyamula katundu ndi aliyense woima pa depoti amawerenga nawo.

Maganizo anga ndi akuti banja lizilemba za vidiyo yake kawiri. Kwina lilembe zonse, mayina ndi midzi yomwe, ndipo zimenezo zikhale pakhomo. Kwina lilembe zochepa, zimene zingayende ndi vidiyoyo kulikonse popanda kupweteka munthu. Kuti zimenezi zimveke, tiyambe taona zimene foni imalemba yokha inu osaituma.

Zimene foni imalemba yokha

Foni ikamajambula vidiyo imasunga zithunzi ndi mawu mu fayilo imene dzina lake limathera ndi .mp4 kapena .mov. Mu fayilo yomweyo muli malo ena oikamo zofotokozera. Foni imalembamo tsiku ndi nthawi, kutalika kwa vidiyo, ndipo mafoni ambiri amalembamonso mtundu wawo. Izi sizidetsa nkhawa kwenikweni. Chodetsa nkhawa n'chakuti ngati mwini foni analola kamera kudziwa malo, foniyo imalembamo pamene munthu anaima pojambula. Pamafoni a Samsung, pamene pamayatsidwa zimenezi pamalembedwa kuti Location tags. Anthu ambiri anavomera tsiku limene anagula foni ndipo anaiwala.

Malowo salembedwa ngati dzina la boma kapena la mudzi. Amalembedwa m'manambala awiri ooneka motere:

```
-14.8200+034.6400/
```

Nambala yoyamba imanena kutalika kwa malowo kuchokera pa mzere wodula dziko lapansi pakati, yachiwiri imanena mmene alili chakum'mawa. Zimene ndalemba apazi zikugwera cha ku Ntcheu. Digiri imodzi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 111, choncho manambala anayi amene ali kutsogolo kwa kadontho amachepetsa mtundawo kufika pa mamita pafupifupi 11. Mamita 11 si boma, si mudzi. Ndi bwalo la nyumba. Munthu akakopera manambalawa n'kuwaika mu Google Maps, mapu amamulozera denga lenilenilo ndi msewu wofikira.

Tsono kumbukirani kumene chinkhoswe chimachitikira. Nthawi zambiri ndi pakhomo pa makolo a mkazi kapena pa amalume ake. Vidiyoyo imaonetsa mphatso zitaunjikidwa, mbale, mabulangete, mwina ndi firiji, imaonetsanso ndalama zikuwazidwa m'lichero. Kuphatikiza zithunzi zotere ndi manambala olozera pakhomo n'kupatsa wakuba zonse zimene akufuna. Pali ngozi ina imene imandikhudza kwambiri kuposa ya akuba. M'mabanja ambiri muli mayi amene anathawa nkhanza kubanja ndipo akukhala kwa abale mwakachetechete. Iye angaoneke mu vidiyo kwa kamphindi chabe akugawa chakudya, koma fayiloyo ikafika kwa amene anamuthawa, yamuuza pamene ali.

Zoti manambalawa amaulula munthu zinaonekera poyera mu Disembala 2012. John McAfee, amene anayambitsa kampani yotchuka ya mapulogalamu oteteza makompyuta, ankabisala chifukwa apolisi a ku Belize ankafuna kumufunsa za imfa ya munthu woyandikana naye nyumba. Atolankhani a magazini ya Vice anaika pa intaneti chithunzi chimene anajambula naye pa iPhone, ndipo mu chithunzimo munatsalira manambala a malo. Anthu atawawerenga anadziwa kuti ali ku Guatemala. Chinali chithunzi, koma vidiyo ya pafoni imasunga malo mofananamo.

Kodi manambalawa amafika kwa aliyense amene walandira vidiyo? Zimatengera njira imene yadutsa. Mukatumiza pa WhatsApp mwa nthawi zonse, vidiyoyo imafinyidwa kuti ichepe ndipo zambiri za mkatizi zimatayika m'njira. Koma achibale akadandaula kuti zithunzi zikuoneka mbuu, wina amati tumizani ngati Document kuti ibwere yoyera. Ikapita choncho, kawirikawiri imapita yonse mmene ilili, ndi dzina lake ndi zamkati zake. Chimodzimodzi pa fulashi, pa memori khadi, pa imelo, kapena pa linki ya Google Drive. Apa ndi pamene anthu amapusitsika: njira imene imasunga kukongola kwa vidiyo ndi yomweyo imene imasunga malo. YouTube ndi Facebook amaipanganso vidiyo mwatsopano, choncho woonera salandira fayilo yanu yeniyeni, ngakhale kampaniyo yailandira yonse.

Chinanso chimene ambiri sachiyembekezera n'chakuti vidiyo yaitali ya wojambula wolipidwa nthawi zambiri si imene imakhala ndi malo. Iye amalumikiza tizidutswa tambiri pa kompyuta n'kutulutsa fayilo yatsopano, ndipo manambala a malo satsatira. Chimene mapulogalamu ena olumikizira amasiya ndi mayina a tizidutswato ndi a mafoda a mu kompyuta yake, ndiye ngati fodayo anaitcha ndi mayina onse a eni chinkhoswe, mayinawo angatsalire mkati. Zoopsa kwambiri ndi timavidiyo ta mphindi imodzi timene asuweni anajambula ndi mafoni awo ataima pakhonde.

Kufufuta zonse nakonso n'kutaya

Wina akamva izi anganene kuti basi tifufute chilichonse, vidiyo ikhale yopanda dzina. Ine ndikukana. M'nyumba zambiri muli matepi a vidiyo a m'zaka za m'ma 1990 ndi ma DVD amene pamwamba pake panangolembedwa kuti ukwati. Ukwati wa yani, chaka chanji, ndipo gogo amene akulangiza uja ndi ndani? Amene ankadziwa anamwalira, ndipo adzukulu amangoona nkhope. Vidiyo ya chinkhoswe ndi malo amodzi mwa ochepa pamene mbumba yonse ya mbali ziwiri imaoneka pamodzi, ankhoswe akulandirana nkhuku, mwinimbumba akulankhula. Pakatha zaka 30, phindu lake lidzakhala pa mayina amenewo. Kuwasiya osalemba chifukwa choopa akuba n'kuwalanda ana athu mbiri yawo.

Nchifukwa chake ndikunena zolemba kawiri. Kaundula wa banja akhale payekha, m'kope kapena mu fayilo ina imene siili mufoda imodzi ndi vidiyo. Zimene zalembedwa pa vidiyo yeniyeniyo, dzina la fayilo, mutu wake ndi mawu ofotokozera, zikhale zochepa. Chifukwa chake n'chosavuta. Mutu umene mwalemba pa YouTube mutha kuusintha mawa, koma fayilo imene yakopedwa kale m'mafoni 40 simungaiitanitse kuti mukonze.

Tiyese ndi chinkhoswe chimodzi

Tiyerekeze kuti chinkhoswe chinachitika ku Ntcheu Loweruka pa 17 Ogasiti 2024, pakhomo pa amalume a mkwatibwi. Wojambula wabweretsa vidiyo ya maola awiri, ndipo mng'ono wa mkwatibwi wapatsidwa ntchito yoiika pa YouTube kuti abale akunja aone. Iye, mwa mtima wabwino, akufuna kulemba zonse: mayina athunthu a awiriwo, mayina a makolo anayi, mudzi ndi mfumu yaikulu ya mbali iliyonse, mayina a ana amene anavina kutsogolo, tsiku ndi holo ya ukwati umene ukubwera, ndiponso nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya amene akufuna kuthandiza. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chake chomveka. Tiyeni tizione chimodzichimodzi ndi funso limodzi: mlendo amene sitikumudziwa akawerenga ichi, angachite nacho chiyani?

Tiyambe ndi dzina la fayilo, chifukwa ndi limene limaiwalika. Ojambula amakonda kutcha fayilo ndi mayina a eni mwambo, ena amawonjezera nambala yawo ya foni. Mukaikweza pa YouTube, dzina la fayilo limasanduka mutu wa vidiyo pokhapokha mutalisintha, ndipo wothamanga amangodina kupitirira. Dzina lokwanira ndi lotere:

```
2024-08_chinkhoswe_ntcheu.mp4
```

Chaka chikayamba, mafayilo amadzisanja okha motsatira nthawi, ndipo dzina lomweli ndi limene mulembe pamwamba pa tsamba la m'kaundula kuti ziwirizi zidzapezane.

Pa tsiku, mwezi ndi chaka zakwana. Tsiku lenileni la chinkhoswe silingapweteke munthu kwenikweni, koma chizolowezi chosiya tsiku chimathandiza pa miyambo ina. Vidiyo ya phwando la kubadwa kwa mwana ikalembedwa tsiku, pa keke n'kuonekanso kuti wakwanitsa zaka 5, ndiye kuti mwaulula tsiku, mwezi ndi chaka chimene anabadwa, zimene adzafunsidwe moyo wake wonse pofuna kutsimikiza kuti ndi iyeyo. Tsiku limene siliyenera kulembedwa n'komwe ndi la m'tsogolo. Kulemba kuti ukwati uliko pa tsiku lakuti ku holo yakuti n'kulengeza kuti tsiku limenelo pakhomo paja padzakhala popanda munthu kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Pa malo, dzina la boma lakwana. Ntcheu ndi yaikulu, palibe angapeze nyumba ndi liwu limenelo. YouTube ili ndi malo olembapo otchedwa Video location ndi Recording date, ndipo sikukakamiza kuti mulembepo. Asiyeni. Mudzi, mfumu yaikulu ndi dzina la mwini khomo zipite m'kaundula.

Mayina ndi pamene pamafunika kukhala pansi. Mutu wa vidiyo ndi umene makina ofufuzira amawerenga, choncho dzina lathunthu likalembedwa pamutu, aliyense wolifufuza, kaya bwana wa kuntchito kaya chibwenzi chakale, angafike pa vidiyoyo ikadzakhala poyera. Ngati awiriwo avomera, mayina awo oyamba akwana. Ndipo ndikuti avomere onse awiri, aliyense ndi pakamwa pake, chifukwa nthawi zambiri amene amafunsidwa ndi mbali imene yalipira wojambula. Si chinkhoswe chilichonse chimafika pa ukwati, ndipo mtsikana amene zake zinathera panjira sayenera kumapezeka ndi dzina lake pa intaneti atagwada pamaso pa banja limene anasiyana nalo.

Mayina a makolo ndi midzi yawo amaoneka ngati ulemu, ndipo pa mwambo ndi ulemudi. Koma taganizani zimene munthu amafunsidwa pa mafomu a ku banki kapena a boma: mudzi, mfumu yaikulu, boma, nthawi zina dzina la amayi asanakwatiwe. Taganizaninso za akuba a pafoni amene amaimba akunamizira kuti ndi achibale kapena kuti m'bale wanu wachita ngozi. Chimene chimawagwetsa kawirikawiri n'kusadziwa mayina. Mukawalembera kuti amalume ndi akuti, azakhali ali ku Joni, kwawo ndi mudzi wakuti, mwawapatsa mawu oti alankhule ngati a m'banja. Gogo wa kumudzi akamva mlendo akutchula mayina atatu olondola, amakhulupirira.

Za ana ndilibe zokambirana: dzina la mwana, sukulu yake ndi kalasi yake zisalembedwe pa vidiyo imene ingatuluke. Mwana sangavomere zimene sakuzimvetsa, ndipo adzakula n'kuzipeza zilipo. Nambala ya ndalama nayonso isakhalepo. Itumizidwe payokha kwa anthu odziwika, chifukwa pa vidiyo idzakhalapobe zaka zambiri mwambo utatha, pafupi ndi dzina la mwini wake.

Zikachotsedwa zonsezi, chotsala n'chochepa koma chokwanira: mutu woti Chinkhoswe, Ntcheu, Ogasiti 2024, mayina oyamba a awiriwo ngati afuna, ndi mzere umodzi wopempha kuti vidiyoyi ndi ya banja, asaigawe popanda kufunsa. Mzere umenewu sungaletse munthu wamwano, koma ambiri amene amagawa mavidiyo a eni si amwano, amangokhala kuti sanauzidwe. Wojambula akafuna kuti dzina la bizinesi yake lilembedwe, palibe vuto, ndi ntchito yake.

Kaundula ndiye alembedwe momasuka. Munthu mmodzi akhale pansi ndi wamkulu wa m'banja, vidiyo ikuyenda, azilemba mphindi ndi dzina: pa mphindi 14 amene akulandira tambala ndi akuti, mlongo wawo wa amayi a mkwatibwi, a m'mudzi wakuti, pa mphindi 52 amene akuyambitsa nyimbo ndi akuti. Alembenso amene anajambula, tsiku lenileni, pakhomo pa yani, ndi amene anapempha kuti nkhope yawo isaikidwe poyera. Ntchito imeneyi ichitike msanga, anthu akadakumbukira kuti mayi wa chitenje chobiriwira uja anabwera ndi mbali iti.

Kuona zamkati ndi kuzichotsa

Musanachotse kanthu, sungani kaye fayilo yoyamba mmene ilili, chifukwa tsiku ndi malo zimene foni inalemba ndi umboni wabwino wa m'kaundula. Zochotsazo zichitike pa kope lachiwiri, lotumiza.

Kuti muone zimene zili mkati, pali pulogalamu yaulere yotchedwa MediaInfo imene imapezeka pa kompyuta ndi pamafoni a Android. Mukatsegula vidiyo mmenemo, yang'anani mzere uliwonse wokhala ndi manambala awiri onga aja taona. Amene ali ndi laputopu ndipo saopa kulemba malamulo angagwiritse ntchito ExifTool, imene Phil Harvey wa ku Canada anaitulutsa mu 2003 ndipo imaonetsa zambiri kuposa mapulogalamu ena:

```
exiftool -a -G1 -s VID_20240817_143205.mp4
```

Pa zimene zituluke, funani mizere ya GPSCoordinates, CreateDate, Title ndi Author. Musadabwe mukaona kuti CreateDate yatsalira ndi maola awiri. Mafoni ambiri amalemba nthawi imeneyi motsatira nthawi ya dziko lonse, UTC, ndipo nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri. Vidiyo ya 2 koloko masana ioneka ngati ya 12 koloko, ndipo ya gule amene anapitirira pakati pa usiku ingaoneke ngati ya dzulo lake. Kamera ya wojambula nayo, ngati wotchi yake sinatcheredwe, imatha kulemba chaka cholakwika. Choncho tsiku la m'kaundula lichokere kwa anthu ndi pa khadi loitanira, la mu fayilo lingothandizira.

Pochotsa, wa iPhone akadina kuti atumize vidiyo kuchokera mu Photos, pamwamba pamabwera Options, ndipo mmenemo angazimitse Location. Pa Windows, mukadina fayilo ndi batani lakumanja n'kusankha Properties kenako Details, pansi pali Remove Properties and Personal Information. Njira imeneyi ndi yapafupi koma imachotsa zokhazo zimene Windows imazizindikira, ndiye musaikhulupirire musanaonenso. Njira imene ndimaidalira ndi ya pulogalamu yaulere ya FFmpeg:

```
ffmpeg -i yoyamba.mp4 -map 0:v:0 -map 0:a:0 -map_metadata -1 -map_chapters -1 -c copy yotumiza.mp4
```

Lamuloli likuti tenga zithunzi ndi mawu okha, siya zofotokozera zonse, ndipo ukope osafinya. Chifukwa cha mawu akuti -c copy, vidiyo siitaya kukongola ndipo ntchitoyo imatha msanga ngakhale pa fayilo yaikulu. Kusankha zithunzi ndi mawu okha kuli ndi chifukwa chake. Makamera ena, monga a GoPro ndi tindege tojambula tija ojambula amaulutsa pa maukwati masiku ano, amatha kusunga malo mu mzere wapadera woyenda limodzi ndi vidiyo, sekondi ndi sekondi, kapena mu kafayilo kena ka dzina lofanana kothera ndi .srt. Kufufuta zofotokozera kokha sikuchotsa mzere umenewo, ndipo kafayilo kapambaliko kamapita nawo ngati mwakopera foda yonse.

Mukatha, tsegulaninso fayilo yatsopanoyo mu MediaInfo kapena ExifTool. Manambala a malo asaonekenso, ndipo mu ExifTool tsiku lioneka ngati 0000:00:00, chimene chikusonyeza kuti lachotsedwa. Ioneninso pang'ono kuti mawu akumveka komanso kuti vidiyo yojambulidwa foni ili choimirira sinagone chammbali. Amene alibe kompyuta angayese motere: adzitumizire yekha vidiyoyo pa njira yomweyo imene akufuna kutumizira abale, aitsitse pa foni ina, aone zimene zafika. Mapulogalamu amasintha kachitidwe kawo, choncho zimene mwaona ndi maso anu n'zodalirika kuposa zimene munamva chaka chatha.

Chophweka kuposa zonsezi n'kupewa. Mwambo usanayambe, achinyamata a m'banja amene adzajambule ndi mafoni azimitse zolemba malo pa kamera. N'zoona kuti alendo 200 simungawauze onse, koma timavidiyo ta m'kati mwa nyumba ndi ta kuchipinda kumene mkwatibwi akuvalira timajambulidwa ndi a m'banja omwewo.

Pamene kuchotsa sikufika

Fayilo yoyera siitanthauza kuti vidiyo yabisa zonse. Ojambula ambiri amayamba vidiyo ndi mawu oyenda pa sikirini: mayina athunthu, tsiku, malo, nthawi zina ndi chithunzi cha khadi loitanira lokhala ndi manambala a foni a akomiti. Mawu amenewa ali m'chithunzi chenichenicho, ndipo palibe lamulo la FFmpeg longa lija lingawachotse. Woyendetsa mwambo naye amatchula mayina ndi midzi pa chimkuzamawu, ndipo kamera imadutsa pa nambala za galimoto ndi chikwangwani cha sukulu yoyandikana. Zimenezi zimafuna kudula, ndipo wodula bwino ndi wojambula yemweyo. Choncho polemba naye ntchito, muuzeni kuti mukufuna mavidiyo awiri: yathunthu ya banja, ndi yaifupi ya mphindi zochepa yopanda mawu oyamba aja, perekaniperekani ndi malangizo a kuchipinda. Yaifupiyo ndi imene ipite kunja, ndipo abale a ku Joni adzakuthokozani chifukwa siidya bandulo yambiri.

Pamenepo mugwirizanenso ngati wojambulayo angaike vidiyo yanu pa tsamba lake lotsatsira malonda. Mavidiyo ambiri a mabanja amafika poyera kudzera njira imeneyi, popanda woipa mtima aliyense: mnyamata akungofuna kuonetsa luso lake, ndipo amalemba mayina onse kuti eni ake amuone. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo loteteza mbiri ya anthu limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira. Koma kudandaula kumabwera vidiyo itaonedwa kale. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp musanapereke ndalama yoyamba, wonena zimene angaike ndi zimene asaike, iye n'kuyankha kuti wavomera, umagwira ntchito yaikulu.

Pa YouTube pali zosankha zitatu: Public, Unlisted ndi Private. Mabanja ambiri amasankha Unlisted poganiza kuti atseka chitseko. Zoona zake n'zakuti vidiyo yotere siipezeka pofufuza, koma aliyense amene ali ndi linki angaione ndi kuitumiza kwa wina, ndipo linki imene yaponyedwa pa gulu la banja la anthu 80 yafika kale kutali. Private ndi imene imatsekadi, chifukwa amaona ndi okhawo amene mwawaitana ndi ma adiresi awo a imelo, ngakhale imavuta kwa achikulire amene sakumbukira akaunti yawo. Ngati mwasankha Unlisted chifukwa cha iwowo, lembani mutu ndi zofotokozera ngati kuti mwasankha Public.

Si mwambo uliwonse umayezedwa mofanana. Pa vidiyo ya maliro kapena yovundukula chiliza, dzina lathunthu la malemu n'loyenera kulembedwa, pakuti mwambowo ndi wokumbukira iyeyo ndipo dzinalo lili kale pa mwala. Zosiya ndi matenda amene anamwalira nawo, mayina a ana amasiye, ndi chilichonse chokhudza chuma chosiyidwa. Pa chinamwali, funso loyamba n'lakuti kaya kujambula kumene kunali koyenera, ndipo eni mwambo ndi amene angayankhe.

Kaundula uja asakhale mu foni ya munthu mmodzi, chifukwa mafoni amabedwa ndipo mafulashi amafa osatsanzika. Asindikizidwe pa pepala, tsamba limodzi likhale kwa ankhoswe a kuchikazi, lina kwa a kuchimuna, ndipo fayilo yoyamba ya vidiyo isungidwe malo awiri osiyana. Ikaikidwa pa Google Drive, kaundula ndi fayilo yoyamba zikhale mufoda yakeyake, chifukwa munthu akagawa linki ya foda amagawa zonse zimene zili mmenemo, ngakhale zimene zidzaikidwemo pambuyo pake.